Kuyesa mitu iwiri ya nkhani

"Ndinalemba mutu wina Lolemba, wina Loweruka. Wa Loweruka unakoka anthu ambiri, ndiye kuti wapambana, eti?"

Ayi achimwene, mwayerekeza masiku, osati mitu. Loweruka anthu amakhala phee ndi foni, pomwe Lolemba ali pa mpanipani wa minibasi za ku Limbe. Gawani owerenga pawiri mwachisawawa, muwatumizire nthawi imodzi, chithunzi chimodzimodzi, mitu yokha isiyane. Tiyerekeze "Madzi avuta ku Ndirande" wafikira anthu 500, atsegula 40, pomwe "Ndirande: madzi abwera liti?" wafikiranso 500, atsegula 45. Kusiyana kwa anthu asanu n'kochepa kwambiri, mwayi chabe ungabweretse zimenezo. Akadatsegula 80, pamenepo ndikanakhulupirira.