Katemera wa ana: kuzizira kopitirira kumaononganso

Anzanga amene mukuphunzira ntchito ya sikelo kuno ku Mzuzu, ndondomeko ya katemera ambiri mumaidziwa pamtima koma tiyeni tikumbutsane. Mwana akangobadwa amalandira BCG wa TB ndi madontho a poliyo. Pa masabata 6, 10 ndi 14 amabayidwa Penta wa matenda asanu ndi PCV wa chibayo kuphatikiza madontho a poliyo aja, Rota wa kutsegula m'mimba amamwa pa masabata 6 ndi 10, ndipo pa 14 pamabweranso IPV, poliyo wobaya. Wa chikuku ndi pa miyezi 9, wachiwiri pa miyezi 15. Mwana akadumphitsa tsiku sitiyambiranso ayi, timangopitiriza pamene tinalekezera m'kabuku kake.

Pamene ambiri timagwa ndi pa fuliji. Katemera pachipatala amasungidwa pakati pa madigiri +2 ndi +8, ndipo mumayenera kuwerenga ndi kulemba pa tchati kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Aliyense amaopa kutentha, magetsi akangothima mitima ili m'mwamba, koma kuuma ngati ayisi ndiye kumaononga mwakachetechete. Penta, PCV, IPV komanso Td wa kafumbata wa amayi oyembekezera akangouma kamodzi basi mphamvu yatha, ndipo akasungunuka botolo limaoneka bwinobwino ngati palibe chachitika. Kachizindikiro ka VVM kali pabotolo, kabokosi koyera mkati mwa kozungulira kaja, kamangonena za kutentha. Kabokosi kakada kufanana ndi kozungulirako kapena kuposa, botolo limenelo musagwiritse ntchito. Koma za kuuma sikadziwa kanthu, kamakhalabe koyera. Ndiye mu Juni ndi Julayi muno mmene Mzuzu amazizirira usiku, fuliji imene munthu anaipotokola kuti izizizira kwambiri nthawi ya Okotobala itha kutsika pansi pa 0 mbandakucha inu muli mtulo.

Tiyerekeze mukupita kukapanga sikelo kumudzi. Mwatulutsa mapaketi a ayisi mufiriza ali gwa, mwathamanga nawo kuika m'kabokosi konyamulira katemera, Penta wagundana ndi paketi ulendo wonse panjinga. Pofika mwamuumitsa kale. Choyenera ndi kuyala mapaketiwo patebulo kaye mpaka ayambe kusungunuka, mukawagwedeza muzimva madzi akuchita khuchukhuchu mkati, m'pamene muwaike. Kukazizira zimatenga nthawi ndithu, nchifukwa chake muziwatulutsa mukangofika m'mawa musanayambe zina. Mabotolo muwaike m'kapulasitiki pakati, asakhudze paketi.

Nanga mwapeza fuliji ikuonetsa -1 m'mawa, mutani? Botolo limene mwaliona louma ndi maso, limenelo musavutike nalo, lichotseni. Amene mukungokayikira ndi amene amafuna kuyesa kogwedeza. Tengani botolo limodzi la katemera yemweyo, kampani yomweyo ndi nambala ya batchi yomweyo, mulembe kuti louma, muliike mufiriza usiku wonse, maola osachepera 10, liume gwa kenako lisungunuke lokha osalitenthetsa. Mukatero gwirani limeneli ndi lokayikitsa lija dzanja limodzi, gwedezani masekondi 10 mpaka 15, muwaimike patebulo poyera kuwala kuli kumbuyo kwake. Louma lija timibulu take timatsika msanga pansi, pamwamba n'kuyera. Lokayikitsalo likamachedwa kutsika, likhalabe ngati mkaka, ndiye kuti ndi labwino. Likatsika liwiro lofanana kapena kuposa ndiye kuti linauma, musabaye mwana, patulani ndipo dziwitsani oyang'anira katemera kuboma. Kuyesa kumeneku kumagwira pa Penta, PCV ndi Td, pa IPV sikugwira, ameneyo mukakayikira kuti anauma mungomuika pambali n'kufunsa akuluakulu.

BCG ndi wa chikuku nkhani yawo ndi ina. Iwowa ndi a ufa, kuuma sikuwaononga koma amadana ndi kutentha ndi dzuwa, nchifukwa chake mabotolo ake amakhala akuda. Madzi osungunulira akhale a kampani yomweyo, aziziritsidwe mufuliji kuyambira dzulo lake koma asaume. Mukasungunula lembani nthawi, botolo likhale pa siponji ya m'kabokosi, ndipo pakatha maola 6 kapena sikelo ikatha, chimene chayamba kufika, otsala atayidwe. Ndikudziwa zimawawa kutaya botolo mwangobaya ana atatu, komabe kubweza mayi amene wayenda mtunda wautali ndi mwana kumbuyo kuti adzabwere ana akachuluka, zimenezo ine sindigwirizana nazo, ambiri sabweranso.

Magetsi akathima musamatsegule fuliji pafupipafupi, lembani nthawi imene athimira, ndipo ikamayandikira +8 samutsirani katemera m'bokosi lozizira lokhala ndi mapaketi osungunuka pang'ono aja. Zakumwa ndi ndiwo za nkhomaliro m'fuliji ya katemera ayi ndithu.