Msonkho wa galimoto ukakwera pa boda, yambani mwafufuza chaka ndi injini

Galimoto yafika pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam, ejenti wokuombolerani galimotoyo waimba foni, ndipo ndalama ya msonkho imene watchula ikuposa imene munakonzekera ndi mamiliyoni angapo. Ambiri zikatere amathamangira kwa ofisala wa MRA kukadandaula kuti ndalamayo yachuluka. Dandaulo lotere silipita patali, chifukwa ofisala alibe mphamvu yochotsera munthu msonkho pomumvera chisoni. Chimene angasinthe ndi mfundo yolakwika imene yalowa m'kawerengedwe. Ntchito yanu ndi kupeza mfundoyo n'kubweretsa pepala lotsimikiza kuti ndi yolakwikadi.

Musayambe kukangana ndi ndalama yongomva pa foni. Uzani ejenti akutumizireni chikalata cha kasitomu chija amachitcha Fomu 12, chimene walowetsa m'kompyuta ya MRA yotchedwa ASYCUDA World, pamodzi ndi pepala losonyeza msonkho umene wawerengedwa. Pamenepo msonkho uliwonse umaoneka pa mzere wake. Nthawi zina mupeza kuti za boma sizinakwere n'komwe, koma ejenti waphatikiza malipiro ake, a dalaivala, a malo oimikapo galimoto ndi zina zosadziwika bwino, n'kuzitchula zonse kuti msonkho. Ejenti wokana kukuonetsani mapepala amenewa mumukayikire, ndipo ndalama ya msonkho izilipidwa ku banki kapena pa njira zina zovomerezeka ndi MRA, pa nambala yanu ya msonkho ya TPIN, osati m'thumba mwa munthu.

Mapepala akafika, funsani kuti galimoto yanu yawerengedwa mwa njira iti, pakuti njira zilipo ziwiri. Kuyambira mu Julaye 2023, MRA inayamba kugwiritsa ntchito mndandanda wa msonkho wokhazikika pa magalimoto ambiri ogwiritsidwa kale ntchito. Pa mndandandawo amayang'ana mtundu wa galimoto, chaka chake ndi kukula kwa injini. Ngati galimoto yanu ili pamenepo, kunena kuti munaigula motchipa sikuthandiza kanthu: invoyisi ingakhale yoona bwanji, msonkho ndi umene walembedwa pa mzere wa galimotoyo. Mkangano wokhawo umene ulipo ndi wakuti kodi aiyika pa mzere woyenera. Galimoto imene palibe pa mndandanda imawerengedwa potengera mtengo wake, ndipo apo m'pamene invoyisi imakhala ndi mawu.

M'njira zonse ziwiri, chaka ndi injini n'zimene zimalakwika kawirikawiri, ndipo kulakwika kwake n'kodula. Tiyeni tione ndi manambala. Manambalawa ndi oyerekezera kuti tione kayendedwe ka masamu; maperesenti enieni amasintha ndi bajeti, choncho onani amene alembedwa pa pepala lanu.

Tiyerekeze galimoto imene mtengo wake, kuphatikiza inshuwalansi ndi mayendedwe, ndi madola 8,000, ndipo dola ikuwerengedwa pa K1,750. Mtengo wa kasitomu ndi K14,000,000. Misonkho itatu imakwerana pamsana. Woyamba ndi msonkho wolowetsera katundu, titi 25 peresenti, umene ndi K3,500,000. Wachiwiri ndi ekisaizi, ndipo sawerengedwa pa K14,000,000 ayi, koma pa K17,500,000, ndiye kuti mtengo kuphatikiza msonkho woyamba uja. Ekisaizi ikakhala 15 peresenti, imakwana K2,625,000. Wachitatu ndi VAT, titi 17.5 peresenti, imene imawerengedwa pa zonsezi pamodzi, K20,125,000, n'kutuluka K3,521,875. Msonkho wonse ndi K9,646,875.

Tsopano wina walakwitsa chaka, galimoto yagwera m'gulu la zakale, ndipo ekisaizi yakhala 45 peresenti. Ekisaiziyo yafika K7,875,000, VAT nayo yakwera kufika K4,440,625 chifukwa ikukhala pamwamba pa ekisaizi yonenepa. Msonkho wonse ndi K15,815,625. Nambala imodzi yolakwika yawonjezera ndalama zoposa K6 miliyoni. Yerekezani ndi ofisala amene wakana invoyisi n'kukweza mtengo ndi madola 1,000, chaka chili cholondola: msonkho ukwera ndi K1.2 miliyoni yokha. Anthu amataya masiku akulimbana za invoyisi, pamene ndalama yaikulu yabisala pa chaka chimene sanachiyang'ane.

Chaka chimalakwika bwanji? Pa galimoto ya ku Japan, umboni waukulu ndi chikalata chimene pamwamba pake palembedwa Export Certificate. Pamenepo pali nambala ya chasisi, kodi ya modelo, kukula kwa injini ndi mwezi umene galimoto inalembetsedwa koyamba. Mapepala ena a ku Japan amawerenga zaka potsata ulamuliro wa mfumu yawo, monga wa Heisei ndi wa Reiwa. Chaka cha Heisei mumawonjezera 1988, choncho Heisei 27 ndi 2015. Chaka cha Reiwa mumawonjezera 2018, choncho Reiwa 2 ndi 2020. Wolemba mothamanga atha kusokoneza apa. Palinso kusiyana pakati pa chaka chimene galimoto inapangidwa ndi chaka chimene inalembetsedwa koyamba. Galimoto yopangidwa mu Novembala 2014 itha kulembetsedwa mu Febuluwale 2015. Wogulitsa amakonda kulengeza 2015, pamene ofisala akayang'ana kansalu kosokedwa m'munsi mwa lamba wa mpando, kamene kamasonyeza chaka chimene lambayo anapangidwa, aona 2014. Apa si nthawi zonse pamene ofisala walakwa. Funsani chaka chimene lamulo likutsata pa mzere umene akuikaniwo, ndipo ngati ndi chopangidwa, pezani umboni wochokera pa nambala ya chasisi, osati pa chithunzi cha malonda. Pa galimoto ya ku Britain, buku la V5C nalo limasonyeza tsiku lolembetsa koyamba.

Za injini, dzina la galimoto silokwanira. Toyota Vitz ilipo ya mitundu ingapo yooneka mofanana kunja. Imene chasisi yake imayamba ndi KSP130 ili ndi injini ya 996cc, ya NSP130 ili ndi 1329cc, ndipo ya NCP131 ili ndi 1496cc. Ejenti akangolemba kuti Vitz n'kusankha mzere wa injini yaikulu, mudzalipira za galimoto imene simunagule. Tsegulani boneti kapena chitseko cha kutsogolo, pezani kachitsulo kapena kapepala ka fakitale kolembedwa modelo ndi injini, kajambuleni, n'kuyerekeza ndi zimene zili pa Fomu 12 chilembo ndi chilembo.

Onaninso nambala ya gulu la katundu. Magalimoto onyamula anthu ochepa amayamba ndi 8703, onyamula katundu ndi 8704, ndipo onyamula anthu khumi kapena kuposa, kuwerengera dalaivala, ndi 8702. Misonkho yake ndi yosiyana. Toyota Hiace ndi imene imadzetsa mikangano yambiri, chifukwa ina inatuluka m'fakitale ngati veni ya katundu, ina ngati minibasi. Kuchotsa kapena kuwonjezera mipando panjira kuti igwere gulu lotchipa n'kudziputira mlandu, chifukwa kodi ya modelo imaulula mmene inapangidwira.

Tifike pa invoyisi, kwa amene galimoto yawo ikuwerengedwa potengera mtengo. Malawi ndi membala wa bungwe la zamalonda la WTO kuyambira 1995, ndipo pangano la bungweli limati poyambira pakhale mtengo weniweni umene wogula analipira. Koma ofisala ali ndi ufulu wokayikira, ndipo kunena chilungamo ali ndi chifukwa: mainvoyisi osinthidwa pa kompyuta amawaona tsiku ndi tsiku. Akaukana mtengo wanu, amayenera kutsata ndondomeko, kuyamba ndi mtengo wa galimoto yofanana ndendende imene inalowa posachedwa, kenako yofananirako, osati kungotola nambala m'mutu. Inu muli ndi ufulu wopempha kuti akulembereni mmene afikira pa mtengowo.

Invoyisi payokha ndi umboni wofooka. Chimene chimaipatsa mphamvu ndi pepala la ku banki losonyeza kuti ndalama yomweyo inachoka kwa inu kupita kwa wogulitsa yemweyo, pamodzi ndi chikalata cha sitima chokhala ndi nambala ya chasisi yomweyo. Apa m'pamene amavutikira anthu amene, chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, analipira kudzera mwa m'bale wa ku Joni kapena ku Britain. Ngati zinatero, m'baleyo atumize pepala la banki yake ndi kalata yofotokoza kuti analipirira inu. Onetsetsaninso kuti mayendedwe sanawerengedwe kawiri. Invoyisi yolembedwa CIF Dar es Salaam ili kale ndi ndalama ya sitima ndi inshuwalansi, choncho zongowonjezerapo ndi zochokera pa doko kufika pa boda. Yolembedwa FOB ilibe zimenezi, ndipo ofisala akaziwonjezera sanakubereni. Galimoto ikakhala kuti inagulidwa itawonongeka, pepala la ku okushoni losonyeza giredi yake ndi zithunzi n'zofunika, ndipo pemphani kuti kuwonongekako kulembedwe pa nthawi yoiyendera, isanakonzedwe.

Mukapeza cholakwika, lembani kalata kwa mkulu wa ofesi ya kasitomu pa bodapo. Ikhale yaifupi: nambala ya Fomu 12, nambala ya chasisi, mfundo yolakwika, mfundo yolondola, ndi mapepala amene mwaphatikizapo. Mwachitsanzo, "pa chikalata palembedwa injini ya 1329cc, koma chasisi ndi KSP130 ndipo injini ndi 996cc." Sungani kope lodindidwa. Ngati analakwitsa ndi ejenti wanu, iyeyo ndiye apemphe kukonza chikalatacho, ndipo n'kwapafupi kutero musanalipire. Mukakanidwa pa boda, dandaulo limapita ku likulu la MRA ku Msonkho House ku Blantyre, ndipo pamwamba pake pali bwalo lomva madandaulo a misonkho limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2021. Madandaulo ali ndi malire a masiku, choncho funsani tsiku lomaliza pomwe mukulandira yankho.

Kumbali ina, tsiku lililonse limene galimoto yaima limadya ndalama ya malo, ya mlonda ndi ya dalaivala, ndipo katundu wokhalitsa osaomboledwa MRA imatha kumugulitsa pa okushoni. Choncho werengani. Ngati kusiyana kuli K300,000 ndipo umboni wanu ndi wogwedera, kudikira milungu iwiri n'kuluza. Ngati kuli mamiliyoni ngati m'chitsanzo chija, limbikirani, koma funsani njira ziwiri: kutulutsa galimoto mutasiya chikole chokwanira msonkho wotsutsidwawo, kapena kuisamutsa pa bondi, ndiye kuti msonkho usanalipidwe, kupita ku nyumba yosungira katundu yovomerezeka ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kuti nkhani ikathere kumeneko. Mukasankha kulipira zonse kuti mudzapemphe kubwezeredwa, perekani kalata yotsutsa musanalipire, ndipo dziwani kuti ndalama yobwezedwa sifulumira.

Wina pa boda adzakunong'onezani kuti angathe "kukonza" chaka kapena invoyisi mukamupatsa kenakake. Chikalatacho chili m'dzina lanu, ndipo MRA imatha kufufuzanso mapepala galimoto italowa kale. Zabodza zikapezeka, msonkho wotsala, chindapusa ndi kulandidwa kwa galimoto zimagwera mwini wake.