Geti imayamba kufa pansi: penti, galavanaizi kapena sitenilesi?

Mwezi wathawu bambo wina anandiitana kuti ndikaone geti yawo, yomwe inali itangokwanitsa zaka zinayi. Kumtunda penti inali bwinobwino, yakuda, yowala. Koma nditagwada n'kubaya chitsulo cha pansi ndi sikuludiraiva, inalowa ngati ndikubaya papaya lakupsa, ndipo munatuluka madzi ofiira. Bambowo anati, "Amisiri, si tinapenta chaka chatha chomwechi?" Anapentadi, koma kunja kokha. Dzimbiri linali likudya kuchokera mkati.

Kuti chitsulo chichite dzimbiri pamafunika zinthu ziwiri pamodzi: madzi ndi mpweya wa okisijeni. Chimodzi chikasowa, dzimbiri silipita patali. N'chifukwa chake msomali wosungidwa m'nyumba mouma umakhala zaka, pomwe khasu logona pamame limafiira m'mawa mwake. Chitsulo chinachokera ku miyala ya m'nthaka, momwe chinali chogwirana kale ndi okisijeni, ndipo ng'anjo ndi yomwe inazilekanitsa. Chikangonyowa chimayamba ulendo wobwerera kwawo. Mchere umafulumizitsa ulendowu, ngakhalenso feteleza ndi mkodzo wa galu amene wasankha nsanamira yanu.

Choipa cha dzimbiri n'choti silitseka pomwe ladya. Limafufuma kuposa chitsulo chomwe lachokera, limang'ambika, n'kusunga chinyezi ngati siponji. Mukaona penti yatupa ngati matuza, dziwani kuti pansi pake ntchito inayamba kale.

Geti ya bambo aja inali ya sikweya chubu ya mamilimita 40, yokhuthala mamilimita 1.6. Chubu chotere n'champhako. Amene anawotcherera anasiya mitu ya zitsulo zoimirira yosatseka bwino, ndiye mvula yonse ya Disembala mpaka Malichi inkalowa pamwamba, n'kutsikira m'chitsulo chogona cha pansi, chomwe chinalibe potulukira madzi. Khoma la mamilimita 1.6 lokhala m'madzi miyezi ingapo chaka chilichonse silichedwa kuboola. Mankhwala ake anali otchipa zedi: kutseka mitu yonse, ndi kuboola mabowo a mamilimita 8 kunsi kwa chitsulo cha pansi, limodzi kumapeto kulikonse. Nsanamira nazo, konkire wake azikwera pang'ono kuposa dothi ndi kupendekera kunja, chifukwa polumikizana chitsulo ndi nthaka ndi pamene zimadukira.

Penti ndi chovala chabe. Imatchinga madzi ndi mpweya, basi, ndipo pamene yang'ambika chitetezo chathera pomwepo. Mageti ambiri amalephera chifukwa cha zomwe zinachitika penti isanapakidwe. Chitsulo chatsopano chimabwera ndi mafuta komanso kakhungu kakuda ka kufakitale. Mukapenta pamwamba pa zimenezi, kakhunguko kamadzasupuka n'kunyamula penti yonse. Choyamba pukutani mafuta ndi thina, kwechani ndi bulashi ya waya kapena sandipepa mpaka chitsulo chiyere, ndipo gogodani makoko onse otsalira pomwe pawotchereredwa. Tsiku lomwelo pakani pulaima, monga redi okisaidi, kenako makoti awiri a penti ya pamwamba, iliyonse iume kaye. Pulaima yokha siyokwanira, ngakhale mumaona mageti ofiira akuikidwa choncho. Komanso penti yothiridwa thina wambiri kuti chitini chikwanire imauma yopyapyala ngati khungu la anyezi. Zonse zikachitika bwino, yembekezerani kubwereza patatha zaka zingapo, ndipo mkati mwa chubu simudzafikamo ndi bulashi.

Galavanaizi tonse timaidziwa pa malata ndi ndowa. Chitsulo chimatsukidwa ndi asidi, kenako n'kumizidwa mu zinki wosungunuka pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 450. Zinki amagwirana ndi chitsulocho, ndipo popeza geti yonse yamira, amalowa ndi mkati momwe. Ubwino wake waukulu ndi uwu: zinki amalola kudyeka iyeyo m'malo mwa chitsulo. Mukakanda malata ndi msomali, pokandikapo sipachita dzimbiri msanga, chifukwa zinki wozungulira ndi amene amayamba kutha. Penti singachite zimenezo.

Pa chubu chokhuthala mamilimita 2, zinki womizidwa amakhala pafupifupi mamaikiloni 55, kucheperako pang'ono kuposa tsitsi limodzi. Kumalo a kumtunda ngati Lilongwe kapena Chipata, kutali ndi nyanja yamchere, amatha pafupifupi maikiloni imodzi pachaka. Muwerenge nokha zaka zake. Ku Beira kapena ku Durban mphepo yamchere imamudya mofulumira kangapo. Nyanja ya Malawi madzi ake si amchere, choncho a ku Salima ndi ku Mangochi asachite mantha ndi nkhani imeneyi.

Msampha uli apa. Kugula machubu a galavanaizi m'sitolo n'kuwawotcherera sikufanana ndi kumiza geti yomalizidwa. Machubu otere zinki wake amakhala wochepa, kawirikawiri mamaikiloni 20 kapena kutsika, ndipo moto wowotcherera umamupsereza pamfundo iliyonse. Mudzaizindikira geti yotere: thupi lonse lotuwa bwino, koma pamakona ponse pali mizere yofiira yotsika ngati misozi. Pamfundozo payenera kukwechedwa n'kupakidwa penti yokhala ndi zinki wambiri, osati ya siliva wamba imene imangofanana mtundu. Amisiri anzanga, utsi woyera wa zinki umadwalitsa, usiku umamva ngati malungo. Chotsani zinki ndi girayinda musanawotcherere, ndipo gwirirani ntchito panja. Mukafuna kukamiza geti yonse, iboolenitu mabowo, chifukwa chubu chotsekeka chikhoza kuphulika mu zinki wotentha. Ofuna mtundu pamwamba pa galavanaizi agule pulaima yake yapadera, popeza penti ya mafuta wamba imasupuka ngati khungu la njoka.

Sitenilesi ndi nkhani ina, chifukwa chitetezo chake chili m'thupi momwe. Anthu ambiri amati anaitulukira ndi Harry Brearley ku Sheffield, m'dziko la England, mu 1913. M'chitsulocho mumakhala kiromiyamu wosachepera magawo 10.5 pa 100 alionse, amene akakumana ndi mpweya amapanga kakhungu kosaoneka ndi maso, kotseka ndithu, kodzimeranso kokha mukakanda. Mtundu wa 304 uli ndi magawo pafupifupi 18 a kiromiyamu ndi 8 a nikelo, ndipo kuno kumtunda ndi wokwana. Wa 316 ndi wa kunyanja yamchere. Palinso wa 201, wotchipa, wonyezimira chimodzimodzi, umene umachita madontho ofiira msanga. Maginito sangakusiyanitsireni 201 ndi 304, choncho funsani nambala ndipo ilembedwe pa lisiti. Ndinaonapo khonde la 304 weniweni litafiira patangotha mvula imodzi, kaamba koti mmisiri analipera ndi disiki yomwe ankadulira chitsulo wamba. Tizitsulo totsalira pa disikiyo tinakanirira pamwamba n'kuyamba dzimbiri. Mtengo wa sitenilesi nawo ndi wokwera kangapo, moti pa mpanda wautali ine sindiilangiza. Ndimaisungira mabawuti ndi zogwirira, kapena kageti kakang'ono kakutsogolo.

Bambo aja tinagwirizana zodula chitsulo cha pansi, n'kuikapo china cha galavanaizi chokhuthala mamilimita 2. Tinapaka zinki pamfundo, tinatseka mitu, tinaboola mabowo aja, ndipo geti tinaikweza masentimita 5 kuti isamakhudze matope. Penti yakumtunda sitinaikhudze. Ndinawauza kuti mwezi wa Okutobala uliwonse, mvula isanagwe, azitenga kawaya n'kutokosa mabowo awiriwo, chifukwa mavu amakonda kumangamo.