Alendo ku Mfuwe abukitsa, koma Google sikuwawerenga onse

Mwini loji pafupi ndi South Luangwa National Park akatsegula lipoti la Google Ads kumapeto kwa mwezi, nthawi zambiri amapeza kuti malonda amene analipira abweretsa alendo ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene ali m'buku la ku ofesi. Ambiri amafulumira kudula ndalama za malondawo. Kuteroko kungakhale kulakwitsa, chifukwa nambala ya mu lipoti imawerenga alendo okhawo amene makina anakwanitsa kuwatsata kuchokera pa malonda mpaka pa kulipira, ndipo masiku ano ambiri amasowa panjira.

Kutsatako kumadalira kuki, kafayilo kakang'ono kamene webusaiti imasiya mu bulauza ya mlendo. Munthu wa ku Germany akadina malonda a loji, adiresi imene amafikira imakhala ndi chizindikiro chotchedwa `gclid`. Tagi ya Google, kapulogalamu kakang'ono koikidwa m'masamba a webusaitiyo, imatenga chizindikirocho n'kuchisunga mu kuki ya `_gcl_aw`. Tsiku limene munthuyo adzalipira n'kufika pa tsamba lothokoza, tagi imawerenga kuki ija n'kuuza Google kuti amene anadina uja wabukitsa. Ndiye nambala imene imaoneka pansi pa `Conversions`. Kuki ikapanda kulembedwa, kapena ikafufutika munthu asanalipire, bukingiyo imachitika ndithu koma malonda salandira ulemu wake.

Choyamba chimene chimaletsa kuki kulembedwa ndi lamulo. Ku Ulaya, lamulo la ePrivacy pamodzi ndi GDPR, imene inayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, limafuna kuti munthu avomere kaye kuki ya malonda isanaikidwe, ndipo ku Britain kuli malamulo ofanana nawo. Loji ya ku Mfuwe ili ku Zambia, inde, koma ikamaitana alendo a ku Ulaya kudzera pa Google imayenera kutsatira, ndipo kuyambira mu Marichi 2024 Google imafuna kuti otsatsa kumeneko azitumiza yankho la mlendo kudzera mu `Consent Mode v2`, njira youzira Google ngati munthu wavomera kuki kapena ayi. Mlendo akadina kukana, kapena akangonyalanyaza kabokosi kofunsa, `ad_storage`, chilolezo cha kuki za malonda, imakhala `denied`, kutanthauza kuti wakana, ndipo kuki siilembedwa. Kuno kwathu nakonso kuli Data Protection Act ya 2021, choncho tisaganize kuti zachinsinsi za anthu ndi nkhani ya azungu okha.

Chachiwiri ndi bulauza yeniyeniyo, ngakhale munthu atavomera. Safari, bulauza ya mu iPhone, kuyambira mu 2019 imafufuta kuki zolembedwa ndi JavaScript, monga ya tagi ija, pakatha masiku 7, ndipo munthu akafika kudzera pa linki ya malonda yokhala ndi chizindikiro kumapeto, nthawiyo ingatsike kufika pa maola 24. Apa m'pamene loji imapwetekera kwambiri kuposa sitolo wamba. Palibe amene amalipira ulendo wa ku Luangwa tsiku limene waona malonda. Amafunsa mkazi wake, amayang'ana mitengo ya ndege yofika ku Lusaka ndi ku Mfuwe, amapempha tchuthi kuntchito, kenako amabwera patatha masabata atatu n'kulemba yekha dzina la webusaiti. Google Ads imadikira masiku 30 ngati simunasinthe, koma kuki ija inafa kale.

Zinthu ziwirizi siziwononga mofanana, ndipo ambiri amazisakaniza. Wokana kuki amasoweratu, bukingi yake siioneka paliponse mu lipoti. Wa Safari amaoneka, koma mu Google Analytics, pulogalamu yowerenga alendo a pa webusaiti, amalembedwa pansi pa `Direct`, olemba okha adiresi, kapena `Organic Search`, odina zotsatira wamba za kusaka, ngati munthu amene sanaonepo malonda. Bowo loyamba limachepetsa chiwerengero chonse, lachiwiri limangosamutsa anthu kuwapititsa m'khola lolakwika. Lililonse limayezedwa mwa njira yake.

Tiyese ndi chitsanzo cha loji yongoyerekeza, m'mwezi wa Juni. M'buku la ku ofesi muli mabukingi 120. Musayerekeze nambala imeneyi ndi ya Google mwachindunji. Chotsani kaye onse amene anabwera pafoni, pa WhatsApp kapena kudzera kwa maejenti, chifukwa amenewa tagi sikanawaona ngakhale aliyense akanavomera kuki. Tinene kuti alipo 40, ndiye otsala amene analipira pa webusaiti ndi 80. Mu Google Analytics mukuoneka `purchase` 52, kutanthauza olipira 52. Tulutsani mndandandawo pamodzi ndi `transaction_id`, nambala ya bukingi iliyonse, muulinganize ndi nambala za mabukingi a m'buku, imodziimodzi. Mupeza kuti awiri analembedwa kawiri, zimene zimachitika tagi ikapanda kutumiza nambala yofanana munthu akatsegulanso tsamba lothokoza. Enieni ndi 50. Ndiye kuti makina akuona 50 mwa 80, amene ndi 62.5 pa 100 alionse.

Nambala imodzi imeneyi siikwanira, iyenera kugawidwa potengera kumene alendo achokera. Tinene kuti a ku Ulaya ndi Britain ali 48 m'buku, ndipo ooneka ndi 26. Ena onse, a ku Lusaka, ku Lilongwe, ku South Africa, ali 32, ooneka ndi 24. Gulu lachiwirili silinafunsidwe za kuki, nanga 8 apita kuti? Ena ali ndi mapulogalamu otchinga malonda. Koma kuno chifukwa chofala ndi malipiro a pafoni. Munthu akalipira ndi Airtel Money kapena MTN MoMo amalowetsa nambala yake yachinsinsi pafoni, uthenga wotsimikiza umabwera, iye n'kutseka bulauza osadikira tsamba lothokoza. Netiweki ikagwedezeka zimatheranso pomwepo. Vuto limeneli si la kuki ayi, ndipo limakonzeka: uthenga wa kugula uzitumizidwa kwa Google kuchokera pa seva, kompyuta imene imasunga webusaiti, malipiro akatsimikizika, m'malo modalira tsamba lomaliza.

Kwa a ku Ulaya 22 osowawo, pali njira yosavuta yodziwira gawo la okana. Pemphani wokonza webusaiti kuti fomu yobukitsira izilemba m'buku lanu ngati mlendo anavomera kuki kapena ayi, mawu amodzi okha basi. Mukapeza kuti 18 mwa 48 anakana, ndiye kuti ovomera ndi 30, ooneka 26, ndipo 4 atayika pa zifukwa zina zija. Ndibwino kwambiri kuwerenga motere kusiyana ndi kutenga peresenti ya pa kabokosi ka chilolezo. Peresenti ya pa kabokosi imawerenga aliyense wofika pa webusaiti, kuphatikizapo ongodutsa amene amachoka osadina chilichonse, pomwe munthu wofuna kubukitsa amakhala nthawi yaitali ndipo kawirikawiri amavomera. Mukagawa ndi peresenti ya ongodutsa mudzakuza mpatawo kuposa mmene ulili.

Tsopano funso la ndalama. Mwa 26 oonekawo, lipoti likuti 9 anabwera ndi malonda. Ngati osaonekawo anafika m'njira zofanana ndi anzawo, timawerenga chonchi:

```
9 × 48 ÷ 26 = 16.6
```

Ndiye pafupifupi 17. Izi zakonza bowo loyamba lokha. La Safari limafuna kuti 26 aja agawidwenso potengera bulauza. Tinene kuti pa Chrome pali mabukingi 14, ndipo 6 ndi a malonda. Pa Safari pali 12, a malonda ndi 3 okha, ndipo `Direct` yatupa. Chrome ya pa kompyuta ndi pa Android siifufuta kuki imeneyi pa masiku 7, choncho tingaigwiritse ntchito ngati muyezo. Safari ikanakhala ngati Chrome, a malonda akanakhala 5, osati 3. Pamenepo 9 ija imakhala 11, ndipo 11 × 48 ÷ 26 ndi pafupifupi 20. Ngati loji inalipira K18,000 pa malonda a ku Ulaya mweziwo, lipoti likusonyeza K2,000 pa bukingi iliyonse, pomwe kuwerenga kwathu kukusonyeza pakati pa K900 ndi K1,060. Kusiyana kotere kungasinthe chigamulo chonse cha bajeti ya chilimwe.

Kuwerengaku kuli ndi malire amene ayenera kunenedwa poyera. Anthu okana kuki ndi omwenso amakonda kutchinga malonda, ndiye mwina ochepa mwa iwo anadinadi malonda, ndipo 17 ingakhale yokwera. A iPhone nawo si ofanana ndendende ndi a Chrome. Komanso nambala ngati 6 ndi 3 n'zazing'ono kwambiri, mabanja awiri okha angazitembenuze. Phatikizani miyezi itatu, ndipo yankho muzilipereka ngati malire awiri, otsika ndi okwera. Chenjezo lina: gwiritsani ntchito nambala za malo amodzi. Google Ads imalemba bukingi pa tsiku limene munthu anadina, pomwe buku lanu limalemba pa tsiku lolipira, choncho kumapeto kwa mwezi sizigwirizana ngakhale zonse zili bwino.

Ena amafunsa ngati Google siidzaza yokha mpatawu. Imayesa, poyerekeza okana ndi ovomera, koma imafuna anthu ambiri: osachepera 700 odina malonda pa masiku 7 m'dziko limodzi. Loji yaing'ono yogawa malonda ake ku mayiko anayi siifika pamenepo. Ikafika, samalani kuti musachulukitse kawiri, chifukwa nambala ya mu lipoti imakhala itaphatikiza kale zongoyerekezazo, ndipo kuichulukitsanso ndi 48 ÷ 26 n'kudzinamiza. Kutumiza uthenga kuchokera pa seva kumathandiza pa otseka tsamba msanga, koma sikupereka ufulu wotsata munthu amene wakana. Wakana wakana.

Pali njira ziwiri zoyesera ngati 17 mpaka 20 ikumveka, ndipo zonse sizifuna kuki. Yoyamba ndi funso limodzi pa fomu: munatidziwa bwanji? Anthu amaiwala, ndipo ambiri sasiyanitsa malonda a Google ndi zotsatira wamba, choncho yankho lake ndi longotsogolera. Yachiwiri ndi yolimba. Sankhani mayiko awiri amene mabukingi ake amakwera ndi kutsika limodzi, mwachitsanzo Germany ndi Netherlands. Zimitsani malonda m'dziko limodzi kwa masabata 6 kapena 8, nthawi yoposa imene mlendo amatenga poganiza, ndipo muwerenge mabukingi a m'buku la ku ofesi basi. Dziko limene malonda akupitirira limakuuzani mmene nyengo yasinthira, ndipo kutsika kowonjezera m'dziko linalo ndi kumene malonda amabweretsadi. Musayese zimenezi pamene nyengo ikusintha, monga mvula ikamayamba mu Novembala makampu ambiri a m'tchire akutseka, ndipo musasinthe mitengo ya zipinda mpaka masabatawo atatha.