Malisiti ali bwino, koma feteleza anafika liti? Mmene amaunikira ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo

Anthu ambiri akamva kuti ma odita alowa mu unduna amaganiza za kuba basi, kuti zasowa ndalama zingati ndipo watenga ndani. Ntchito imeneyo ilipodi. Koma pali kauniuni wina amene amafunsa funso lovutirapo. Tiyerekeze kuti palibe tambala yomwe yasowa, malisiti onse alipo, ndipo aliyense wasaina pamalo pake. Kodi ndalamazo zagwira ntchito imene anazitulutsira? Ameneyu ndiye kauniuni wa kagwiridwe ka ntchito. Kuno kwathu amene amachita kauniuniyu ndi ofesi ya mkulu wa kalondolondo wa chuma cha boma, yomwe imatchulidwa mu gawo 184 la malamulo aakulu a dziko lino ndipo imayendera lamulo la kalondolondo wa chuma la 2003.

Chitsanzo chabwino ndi ndondomeko ya zipangizo za ulimi zotsika mtengo. Inayamba ndi makuponi mu ulimi wa 2005/06, ndipo mu 2020 inakhala AIP, pomwe mlimi ankagula thumba pa K4,495 pogwiritsa ntchito chiphaso cha unzika. Poyamba AIP, mlimi ankayenera kulandira matumba awiri a makilogalamu 50, lina la feteleza wokulitsa, lina la yureya wobereketsa. Wounika amafunsa mafunso atatu pa matumba awiriwa. Kodi boma linagula pa mtengo woyenera? Kodi linawafikitsa kwa mlimi popanda kutaya nthawi ndi ndalama? Kodi chimanga chinachulukadi chifukwa cha matumbawo? Manambala a m'zitsanzo zotsatirazi ndi ongoyerekeza, kuti masamu aoneke bwino.

Funso loyamba, la kagulidwe, anthu amalimva molakwika. Amaganiza kuti kugula mosamala ndi kusankha wotchipa. Tiyerekeze kuti wamalonda wina wati thumba ndi K70,000 koma akalisiya ku nkhokwe ya ku Kanengo, pomwe wina wati K74,000 ndipo alifikitsa yekha pa msika wa kumudzi. Ngati kunyamula thumba kuchoka ku Kanengo kumadya K6,000, woyamba uja ndiye wodula. Choncho wounika amayerekeza mtengo wa thumba litafika pomwe mlimi akaligule. Mtengo wa pa kalata ya tenda paokha sukwanira.

Akatero amafunsanso za mkati mwa thumba. Feteleza wokulitsa amene alimi ambiri anazolowera ndi wa 23:21:0+4S. Nambala yoyambayo ikutanthauza kuti mu makilogalamu 100 muli makilogalamu 23 a nayitirojeni, ndiye kuti m'thumba limodzi muli makilogalamu 11.5. Pa K70,000, kilogalamu ya nayitirojeni ikugulidwa pafupifupi K6,100. Koma zitsanzo zikapita ku labu n'kupezeka kuti muli 18 m'malo mwa 23, m'thumbamo muli makilogalamu 9 okha, ndipo kilogalamu yakwera kufika pafupifupi K7,800, pomwe lisiti silinasinthe. N'chifukwa chake wounika wodziwa ntchito amapempha zikalata za ku labu, ndiponso amaika matumba angapo pa sikelo. Amaonanso ngati wamalondayo anafufuzidwa asanapatsidwe ndalama. Nkhani ya mu 2022, pomwe K750 miliyoni inalipidwa ku kampani ya ku Britain imene sinabweretse feteleza, inaonetsa chomwe chimachitika gawo limeneli likadumphidwa.

Funso lachiwiri ndi lomwe liyenera kupatsidwa nthawi yambiri, chifukwa apa m'pomwe ndondomekoyi imapunthwa kawirikawiri, komanso m'pomwe malipoti a unduna amaoneka okongola kwambiri.

Chimanga chili ndi kalendala yake. Feteleza wokulitsa amathiridwa pobzala kapena m'masiku oyambirira chimanga chitangomera. Wobereketsa amatsatira patapita masabata atatu kapena anayi. Thumba lofika chimanga chitamasula ngayaye ndi thumba lomwe lija, mtengo wake ndi womwewo, koma ntchito yake yambiri yapita. Kotero tsiku ndi umboni waukulu kuposa chiwerengero cha matumba.

Titenge msika umodzi wokhala ndi alimi 1,000 pa mndandanda, oyenera kulandira matumba 2,000. Pofika kumapeto kwa Januwale, matumba 1,900 agulidwa. Lipoti lopita ku likulu linena kuti ntchito yatheka ndi 95 pa 100 aliwonse, ndipo silikunama. Wounika salekera pamenepo. Amapita kwa mlangizi wa deralo n'kufunsa tsiku lomwe mvula yobzalira inagwa, tinene kuti ndi pa 5 Disembala. Kenako amatenga mabuku atatu n'kuwaika pamodzi: la ku nkhokwe losonyeza tsiku lomwe galimoto inanyamuka, la pa msika losonyeza tsiku lomwe katundu analandiridwa, ndi kaundula wa m'makina wosonyeza tsiku lomwe chiphaso cha mlimi aliyense chinajambulidwa. Akawerenga, mwina apeza kuti pofika pa 20 Disembala alimi 400 okha ndi omwe anali ndi feteleza wokulitsa m'manja. Nambala ya 95 ija yasanduka 40 pa feteleza wokulitsa.

Mabuku atatuwa amaululanso pomwe nthawi inatayikira, ndipo chimenechi ndi chofunika kuposa kungonena kuti feteleza anachedwa. Ngati katundu anafika mochedwa ku nkhokwe, vuto lili kumtunda: mgwirizano unasainidwa mochedwa, kapena ndalama zakunja zolipirira zinasowa, kapena katundu anakhalitsa pa doko la Beira kapena Nacala. Ngati anafika msanga ku nkhokwe koma n'kukhalamo masabata atatu, funso lipite kwa okonza zamtengatenga, makamaka pa chifukwa chomwe misika ya kumadera a misewu yoipa sinayambe kupatsidwa mvula isanagwe. Ngati anafika msanga pa msika koma alimi ankagula ochepa pa tsiku, pamafunika kuona netiweki, chiwerengero cha ogulitsa, ndi mavenda oima pa mzere. Pali vuto linanso limene chiwerengero cha matumba chimabisa kotheratu. Msika ukhoza kulandira yureya yekhayekha poyamba, wokulitsa n'kubwera pambuyo. Pa pepala matumba akwanira, koma m'munda zinthu zayenda chammbuyo.

Masiku amene mlimi wagona pa msika nawonso ndi mtengo, ngakhale salembedwa m'buku lililonse la boma. Mayi amene wayenda ulendo katatu n'kubwerera chimanjamanja wataya masiku atatu opalira, ndipo lipoti labwino liyenera kuwawerenga.

Funso lachitatu limatulutsa wounika mu ofesi. Amasankha alimi, tinene 100, kuchokera pa mndandanda mwa maere. Asalole kuti amusankhire a mfumu kapena mlangizi, chifukwa adzamutengera kwa alimi achitsanzo okhaokha. Pa 100 aja, ena sapezeka m'mudzimo n'komwe, ena anagulitsa mwayi wawo kwa venda chifukwa analibe ndalama yowombolera thumba, ena anagawana thumba limodzi ndi mabanja awiri kapena atatu. Ndiye pali gulu lomwe anthu saliganizira, la alimi amene akanagula feteleza ndi ndalama zawo ngakhale boma likanapanda kuwathandiza. Kwa amenewa, ndondomekoyi yawapepukitsira m'thumba, koma sinawonjezere feteleza m'munda. Ngati cholinga cholembedwa ndi kuchulukitsa chimanga m'dziko, matumba amenewo sangawerengedwe ngati phindu.

Masamu ake amayenda motere. Matumba awiri aja ali ndi nayitirojeni wokwana makilogalamu 34.5, kuphatikiza 11.5 wa wokulitsa ndi 23 wa yureya. Tiyerekeze kuti pothira pa nthawi yake, m'munda wopaliridwa bwino, kilogalamu iliyonse ikuwonjezera makilogalamu 15 a chimanga. Ndiye kuti mlimi wawonjezera matumba a chimanga a makilogalamu 50 pafupifupi 10. Akathira mochedwa n'kupeza makilogalamu 8 okha pa kilogalamu iliyonse ya nayitirojeni, wawonjezera matumba asanu ndi theka, pa ndalama zomwezo za boma. Apa m'pomwe mafunso atatu aja amakumana. Kuchedwa kwa galimoto kwadula phindu pafupifupi pakati, ndipo wounika akhoza kuyerekeza mtengo wa thumba lililonse la chimanga chowonjezeracho ndi mtengo wogula chimanga pa msika.

Gawo limeneli lili ndi malire ake, ndipo lipoti loona mtima limawatchula. Zokolola zimadaliranso mvula, mbozi, mbewu ndi chonde cha nthaka. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anakokolola minda m'chigawo cha kummwera, ndipo ng'amba ya mu 2024 inawotcha chimanga m'maboma ambiri. Kunena kuti ndondomeko yalephera chifukwa zokolola zatsika m'zaka zotere n'kulakwa, monganso kuyamikira ndondomeko pa chaka cha mvula yabwino. Njira yake ndi kuyerekeza alimi olandira ndi osalandira a m'dera limodzi, a minda yofanana kukula, m'chaka chomwecho. Ngakhale apo pamafunika kusamala, chifukwa alimi amakumbukira zokolola mwa ngolo, madengu kapena nkhokwe, ndipo ena amachepetsa dala poopa kuchotsedwa pa mndandanda.

Malire ena ndi a udindo. Wounika sanena ngati dziko liyenera kukhala ndi ndondomeko yotereyi kapena ayi, chifukwa imeneyo ndi nkhani ya boma ndi Nyumba ya Malamulo. Iye amayeza ntchito ndi muyezo umene boma linadziikira lokha, monga malangizo a ndondomekoyo, masiku olembedwa m'mgwirizano, ndi malangizo a unduna pa kathiridwe ka feteleza. Muyezowo amaukambirana ndi unduna asanayambe, kuti pasadzakhale kukangana pamapeto. Samanganso munthu. Akapeza fungo la katangale amapereka nkhaniyo kwa oyenera, ngati bungwe lothana ndi katangale.

Lipoti likalembedwa limapita kaye ku unduna kuti uyankhe, ndipo kenako limafika ku Nyumba ya Malamulo, komwe komiti yoona za kayendetsedwe ka chuma cha boma imatha kuitana akuluakulu a unduna kudzafotokoza. Mukamawerenga lipoti lotere, thamangirani ku malangizo ake. Malangizo onena kuti unduna uwonetsetse kuti feteleza akufika pa nthawi yake alibe mano, chifukwa palibe angadzayeze ngati atsatidwa. Othandiza ndi onena kuti migwirizano isainidwe pofika mwezi wakuti, misika ya kumadera ovuta kufikako ilandire katundu mvula isanayambe, wokulitsa atsogole yureya asanapite, ndipo lipoti la sabata iliyonse lionetse alimi amene alandira poyerekeza ndi tsiku lobzala la dera lawo. Malangizo otere amatchula ofesi yoti ichite ndi tsiku lake, ndipo wounika akabweranso kudzaona zomwe zasintha amatsegula mabuku atatu omwe aja n'kuwerenganso.