Saizi ya chitseko si ntchito ya Visibility

Ndatopa kulandira mabuloko a AutoCAD omwe mkati mwake mwaunjikidwa zitseko zosiyana saizi, chilichonse chitabisidwa pa maonekedwe akeake a Visibility, chida chosankhira zooneka ndi zobisika mu buloko. Buloko imodzi imalola Visibility imodzi yokha, ndiye mukaiwonongera pa masaizi, chitseko chotseka ndi chotsegula mudzazisiyanitsa ndi chiyani? Saizi ndi ntchito ya Linear, chida choyang'anira kutalika.

Tengani chitseko cha mamilimita 900, chochindikala 40, chotsegula madigiri 90, mahinji ali pa 0,0. Mu BEDIT, momwe mumakonzera buloko, ikani Linear kuchokera pa mahinji kukafika mbali ina ya khomo. Pa Properties, Number of grips ikhale 1, Dist type ikhale List, ndipo mulembemo 700, 800 ndi 900, kuti wina asadzakokere chitseko pa 763.

Ambiri amagwa apa. Khomo likukula cham'mbali, koma chitseko chotsegula chaima choongoka. Ikani Stretch, bokosi lake lizungulire nsonga yokha ya chitseko, kenako Angle offset muipatse 90. Mukaisiya pa 0, nsongayo imathawira m'mbali ndipo chitseko chimapendama. Mzere wokhota wosonyeza momwe chitseko chimazungulira musaukoke ndi Stretch, umapindika n'kusiya kuzungulira pa mahinji. Umenewu umafuna Scale, Base type ili Dependent. Koma chitseko chenichenicho musachilowetse mu Scale, chonde. Mukachitsitsa kuchoka pa 900 kufika pa 700, kuchindikala kwa 40 kuja kumatsala pafupifupi 31.

Tsopano Visibility igwire ntchito yake: chotseka, chotsegula 45, chotsegula 90. Chitseko cha 45 chimafuna Stretch yakeyake, Angle offset ili 45, komanso mzere wake wokhota ulowe mu Scale.

Pulani imene imandiwawabe mumtima inali ndi vuto pomwepa. Wojambula anamanga Stretch kaye, chitseko cha 45 n'kuchiwonjezera pambuyo osachipatsa Stretch yakeyake. Pa 90 zonse zinkayenda bwino. Pa 45, khomo la 700 linkaoneka ndi chitseko cha 900, ndipo mapepala anasindikizidwa choncho. Anthu anasuntha khoma la bafa pofuna kupereka malo kwa chitseko chimene chinalibe vuto. Akanalemba BVMODE n'kuika 1, zobisika zikanaoneka mozimiririka, n'kupatsa chitsekocho Stretch yakeyake, mzere wake wokhota n'kuuwonjezera mu Scale ndi BACTIONSET.

Musadikire kuti buloko ifalikire m'mapulani ambiri. Lembani BTESTBLOCK, yesani masaizi onse atatu pa maonekedwe onse atatu, muyeze ndi DIST osati ndi maso. Ndipo wina akakuuzani kuti buloko ikavuta muzingoiphwasula ndi EXPLODE n'kukonza pamanja, musamumvere. Zogwirira zonse zimatha, mumatsala ndi mizere chabe, ndipo mukadzakonza bulokoyo chitseko chimenecho sichidzasintha nawo.