Mchere wa anthu a bipi uja si wa odwala impso

Ndatopa nazo zomva kuti "adokotala mchere tinasiya, pano tikugula uja wa anthu a bipi." Abale, mchere umenewo ambiri amachotsako sodiyamu nkuikamo potaziyamu, pa paketi mupeza palembedwa KCl. Kwa munthu wa impso zabwino palibe vuto, koma impso zikafooka zimalephera kutaya potaziyamu mu mkodzo, amangodzadzana m'magazi mpaka kusokoneza kagundidwe ka mtima.

Pali bambo wina amene mpaka pano ndikamuganiza mtima umandiwawa. Ankamwa enalapirili, mankhwala abwino ndithu oteteza impso koma amakwezanso potaziyamu, ngati mmene amachitira mankhwala ena otchedwa losatani. Akazi awo powakonda anagula mchere uja, kenako wina wake anawauza kuti azimwa juwisi wa masamba aawisi ndi nthochi m'mawa uliwonse ati kutsuka impso. Miyendo inayamba kulemera, kudzuka pa mpando kuvuta, iwo nkumati nkutopa chabe, anadikira. Pofika kwa ife kuchipatala potaziyamu wa m'magazi mwawo anali pa 6.8, pomwe amayenera kukhala pakati pa 3.5 ndi 5.0. Anapulumuka koma movutikira. Choopsa nchakuti ena samva kalikonse, mtima umangoima basi. Ndiye kufooka kwachilendo kapena mtima kudumphadumpha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo zotsuka impsozi, kaya ndi zitsamba kaya za m'botolo, zisiyeni chonde. Impso sizitsukidwa.

Sikuti aliyense wodwala impso asiye zipatso ayi, zimatengera zotsatira za magazi anu. Ngati potaziyamu wakwera ndiye chepetsani nthochi, mapeyala, tomato wambiri, m'malo mwake apozi kapena chinanazi pang'ono. Mbatata musende, muduledule tizidutswa, muwiritse m'madzi ambiri kenako madziwo mutaye, osapangira supu, potaziyamu wathawira momwemo.

Mchere wamba ndi wosapitirira magalamu 5 pa tsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera ndi wobisika m'makyubu okometsera ndiwo, soseji ndi za m'zitini. Masoseji omwewo ndi zakumwa za kola muli mchere wina wotchedwa fosifeti wochita kuthira ku fakitale amene amalowa m'magazi pafupifupi yense, kuposa wa mu nyemba. Akachuluka thupi limayabwa, mafupa amafooka.

Zinanso zimandidandaulitsa ndi anthu osiyiratu nyama, mazira, chilichonse chifukwa cha mantha mpaka kuwonda kutsala mafupa. Ngati simunayambe dayalisisi, kuja kosefa magazi ndi mashini impso zikalephera, mapuloteni ndi pafupifupi magalamu 0.8 pa kilo iliyonse ya thupi lanu, munthu wa makilo 60 ndiye magalamu 48 pa tsiku, dzira limodzi lili ndi 6. Mukayamba dayalisisi zimatembenuka, mumafunika ochulukirapo, 1.0 mpaka 1.2, chifukwa mashini aja amachotsako ena.